Funsani Dokotala: Malungo anatha, koma mtima ukuthamangabe

Adokotala, ndine mayi wa zaka 34. Masabata awiri apitawo ndinagonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu, ndinabayidwa jakisoni katatu kenako ndinamaliza LA. Tsiku loyamba thupi linatentha kufika 39.5 ndipo mtima unkagunda ka 122 pa mphindi, pomwe masiku onse umagunda ka 76. Pano thupi silikutentha, koma ndikakhala pansi makina akuonetsa kuti mtima ukugunda ka 104, ndipo ndikayenda pang'ono ndikuchita befu. Kodi malungo anandiwonongera mtima?

Mayi, malungo sawononga mtima kawirikawiri. Nthawi zambiri mtima ukamathamanga chonchi umakhala ukugwira ntchito yoonjezera chifukwa cha vuto lomwe lili kwina, ndipo kwa inu ndikukayikira magazi. Koma tiyambe ndi 122 ya tsiku loyamba ija, chifukwa mukaimvetsa, 104 ya panoyi simuvutika nayo.

Mtima wa munthu wamkulu akakhala phee umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi. Ukagunda kamodzi umatulutsa magazi pafupifupi mamililita 70, ndiye pa mphindi imodzi umazunguliza pafupifupi malita 5. Thupi likafuna mpweya wa okosijeni wochuluka, njira yachangu yomwe mtima uli nayo ndi kugunda pafupipafupi. Tizilombo tikalowa m'thupi, chitetezo chimatulutsa timadzi tomwe timauza ubongo kuti ukweze kutentha. Thupi lotentha limawotcha chakudya mofulumira, ndipo pa digiri iliyonse yoonjezera limafuna mphamvu yoposa ya masiku onse ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Kutenthako kumafulumizitsanso kachigawo ka mtima komwe kamayambitsa kugunda. Zonsezi zikaphatikizana, mtima umaonjezera pafupifupi ka 10 pa mphindi pa digiri iliyonse yopitirira 37.

Tiwerengere ndi manambala anu. Kuchoka pa 37 kufika pa 39.5 ndi madigiri awiri ndi theka, ndiye kutentha pakokha kunaonjezera ka 25. Tikaphatikiza ndi 76 wanu tikupeza 101. Koma inu munali pa 122, kutanthauza kuti pali ka 21 komwe sikanachokere ku kutentha. Kumeneko n'komwe dokotala amayang'anitsitsa.

Pa malungo, zotsalazi zimachokera kwambiri ku madzi. Munthu amatuluka thukuta, amasanza, amapuma mofulumira, ndipo safuna kumwa. Madzi akachepa m'mitsempha, mtima umalandira magazi ochepa, ndiye pa kugunda kulikonse umatulutsanso ochepa, n'kumabwezera pochulukitsa kugunda. Matendawo amafutukulanso mitsempha, moti magazi ochepa kale aja amayenera kudzaza njira zotakasuka. Ululu, mantha ndi kunjenjemera kwa tsembwe zimaonjezerapo. Choncho 122 pa tsiku loyamba la malungo aakulu sizodabwitsa.

Chomwe chimasiyanitsa kuthamanga kwabwinobwino ndi koopsa ndi ichi: kutentha kukatsika, mtima nawo uyenera kutsika. Pakatha ola limodzi kapena awiri munthu atamwa panado ndi madzi, thupi likazizira koma mtima n'kukhalabe pa 120 kapena kuposa, ndiye kuti pali china chikuukoka. Zikakhala limodzi ndi kupuma ka 22 kapena kuposa pa mphindi, kubalalika mutu, kukodza pang'ono, kapena nambala yapamwamba ya BP kutsika kufika pa 100, timaopa kuti matenda ayamba kufooketsa ziwalo, ndipo wodwalayo afike kuchipatala nthawi yomweyo. Ana ali ndi miyezo yawo: khanda limatha kugunda ka 140 lili bwinobwino, choncho musayeze mwana ndi manambala a munthu wamkulu. Palinso matenda ena, monga taifodi, omwe nthawi zina thupi limatentha kwambiri mtima osakwera moyenerana nalo, ndipo zimenezonso zimatipatsa poyambira.

Tsopano tibwere pa 104. Madzi amabwerera m'thupi m'masiku awiri kapena atatu munthu akayamba kudya ndi kumwa bwino. Kutentha kunatha. Chomwe sichibwerera msanga pambuyo pa malungo ndi magazi.

Tizilombo ta malungo timakhala m'kati mwa maselo ofiira a magazi, timaswana momwemo kenako n'kuwaphulitsa. Koma maselo ambiri omwe amatayika sakhala olowedwa ndi tizilombo ayi. Kapamba, yemwe ntchito yake ndi kusefa magazi, amachotsanso maselo ambiri abwino pa nthawi ya malungo, ndipo m'mafupa momwe magazi amapangidwa ntchito imayamba yaima. N'chifukwa chake magazi amapitirira kutsika kwa masiku angapo mankhwala atayamba kale kugwira, ndipo amatenga mwezi kapena kuposerapo kuti abwerere.

Chonyamula okosijeni m'maselo ofiira ndi himogulobini. Mayi yemwe sali woyembekezera ayenera kukhala ndi 12 kapena kuposa, bambo 13. Tiyerekeze kuti munali ndi 13 ndipo pano muli pa 8. Ndiye kuti lita iliyonse ya magazi anu ikunyamula magawo 6 okha mwa magawo 10 a okosijeni yemwe inkanyamula kale. Minofu ndi ubongo zikufunabe wokwanira, choncho mtima ukuzunguliza magazi ochepa mphamvuwo maulendo ambiri. Mukakhala pansi umakwanitsa pa 104. Mukayamba kuyenda, malo oonjezera amakhala atachepa kale, ndiye befu uja.

Pali chinanso chomwe chikukhudza inuyo makamaka. Jakisoni wa malungo aakulu yemwe amaperekedwa kwambiri masiku ano ndi atesuneti. Ndi mankhwala abwino zedi, opulumutsa moyo, ndipo musadzawakane. Amapha tizilombo tikadali tating'ono m'kati mwa selo, kapamba n'kuchotsamo kachilombo kakufako, selo n'kubwereranso m'magazi. Koma selo lotereli silikhalitsa. Mwa anthu ena, makamaka omwe anali ndi tizilombo tambiri, maselo amenewa amafa ochuluka nthawi imodzi pakati pa tsiku la 7 ndi la 21, munthu akuganiza kuti wachira. Zizindikiro zake ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, maso achikasu, kufooka komwe kukukulirakulira, ndi mtima womwe ukukwera m'malo motsika. Inu muli pa sabata yachiwiri, pakati penipeni pa nthawi imeneyi. N'chifukwa chake amalangiza kuti wolandira atesuneti aziyezedwa magazi sabata iliyonse mpaka mwezi utatha, ngakhale kuti ambiri amatuluka m'chipatala osauzidwa.

Ndiye musadikire. Pitani kuchipatala lero kapena mawa, mukanene kuti munabayidwa jakisoni wa malungo masabata awiri apitawo, ndipo akakuyezeni himogulobini. Akayang'anenso tizilombo ta malungo pa maikulosikopu. Ndikutchula maikulosikopu dala, chifukwa kachipangizo kachangu kodonthezera magazi kaja kamatha kuonetsa mizere iwiri kwa masabata angapo tizilombo titafa kale, ndipo anthu ambiri amamwanso LA pachabe vuto lenileni n'kutsala. Kuyang'ana m'zikope ndi m'manja ngati mwayera kumathandiza, koma kumaphonya kuchepa kwa magazi kwapakatikati.

Zotsatira n'zomwe zidzanene chochita. Himogulobini ikakhala pansi pa 7, kapena ikamatsika mofulumira munthu akubanika, adokotala amaganizira zomuika magazi. Ikakhala yocheperako chabe ndipo maselo sakuswekanso, thupi limadzibwezera lokha. Mapiritsi a ayironi amathandiza ngati ayironi analidi wochepa, zomwe zimachitika kwambiri kwa amayi otaya magazi ambiri kumwezi, ndipo amafunika kumwa kwa miyezi itatu, osati sabata imodzi. Chimodzi chokha ndikuletseni: musabwereke mapiritsi ochepetsa kugunda kwa mtima kwa munthu wa BP. Ngati mtima ukuthamanga pofuna kubwezera magazi ochepa, kuuchedwetsa ndi kuchotsa chomwe chikukuchirikizani.

Mukamapita, tengani manambala olondola. Makina a BP ndi mawotchi a pamkono amalakwitsa kugunda kukakhala kosalongosoka, choncho werengani nokha. M'mawa musanadzuke, ikani zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo muwerenge mphindi yathunthu. Mvetserani ngati kukugunda mofanana kapena kukudumphadumpha. Kenako imirirani pafupi ndi potsamira, muwerengenso pakatha mphindi 2, 5 ndi 10. Mukamva chizungulire khalani pansi. Lembaninso kutentha kwa thupi pambali pa nambala iliyonse, popeza nambala ya mtima payokha sinena zambiri.

Magazi akapezeka okwanira, ndiye tiyang'ana kwina. Munthu wogona masiku ambiri amataya madzi a m'magazi ndi mphamvu za minofu, moti mtima umakwera akangoimirira. Izi zimatha m'masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi akamayenda pang'onopang'ono, kuonjezera mtunda masiku angapo alionse. Ngati mtima ukukwera ndi ka 30 kapena kuposa m'mphindi 10 zoimirira, BP osatsika, ndipo zapitirira miyezi itatu, limenelo ndi vuto la mitsempha yolamulira kayendedwe ka magazi, lomwe laoneka mwa anthu ena pambuyo pa matenda a mavairasi, kuphatikizapo korona. Chithokomiro nachonso chimatha kutupa pambuyo pa matenda a mavairasi n'kutulutsa timadzi tambiri, munthu n'kumanjenjemera manja, kutuluka thukuta ndi kuwonda akudya bwino. Muwauzenso adokotala mankhwala onse omwe mukumwa, chifukwa opopera a mphumu, ena otsegula mphuno pa chimfine ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimathamangitsa mtima.

Nthawi zomwe mtima weniweniwo kapena mapapo akhudzidwa zilipo, ngakhale n'zochepa, ndipo zimadziwika. Kupweteka pachifuwa, kubanika mukagona chagada, kutupa mapazi, kukomoka, kapena kugunda kodumphadumpha zingasonyeze kutupa kwa mnofu wa mtima, komwe kumabwera kwambiri pambuyo pa mavairasi kusiyana ndi malungo. Wopezeka nako amaletsedwa masewera olimba kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Kubanika kobwera mwadzidzidzi, mwendo umodzi utatupa ndi kupweteka, kungakhale magazi oundana omwe apita kumapapo, zomwe zimachitika munthu akagona nthawi yaitali. Chimodzi mwa zimenezi chikaoneka, kapena mtima ukafika pa 120 muli chikhalire, kapena mkodzo ukada, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku.

Ngati palibe chilichonse mwa izi ndipo vuto ndi magazi okha, nambala ya m'mawa ija iyenera kumatsika sabata ndi sabata pomwe himogulobini ikukwera. Mwezi ndi theka ukatha idakali pamwamba pa 100, bwererani akakujambuleni kagundidwe ka mtima ndi kuyeza chithokomiro.