Tiroponini ya abambo yafika 46: kodi mtsempha wa mtima unatsekeka?

"Abambo anga ali ndi zaka 71, ndipo akhala akudwala impso ndi shuga kwa nthawi yaitali. Sabata yatha anayamba kubanika usiku, tinathamangira nawo kuchipatala. Papepala la zotsatira za magazi ndinaona palembedwa hs-cTnT 46 ng/L, pambali pake malire 14. Adokotala anati si hati ataki. Nanga nambala yoposa malire katatu imeneyi ikutanthauza chiyani? Kodi sanaphonye kanthu? Ndine mwana wawo wamkazi."

Achemwali, pepani ndi matendawo. Nambala ya 46 ikunena chinthu chimodzi chotsimikizika, chakuti mnofu wa mtima wa abambowo wapwetekeka penapake. Sikunena chimene chaupweteka, komanso sikunena kuti zayamba liti. Mafunso awiri amenewa ndi amene adokotala amakhala akulimbana nawo, ndipo papepala limodzi lokhalo yankho lake silipezeka. Ndikukhulupirira kuti pali pepala lachiwiri limene simunalione, la magazi amene anawatenganso patapita maola angapo. Ngati palibe, pamenepo ndiye pofunsa.

Tiroponini ndi puloteni imene imakhala m'kati mwa maselo a mnofu. Ntchito yake ndi kulandira kashiamu n'kulola kuti timinyewa ta mnofuwo tikokane, ndiye kugunda kwa mtimako. Ili ndi zigawo zitatu, C, I ndi T. Zigawo za I ndi T za mumtima n'zosiyana ndi za m'minofu ya m'miyendo kapena m'manja, n'chifukwa chake labu imayeza zimenezo. Chilembo T chakumapeto papepala lanulo ndi chigawo chimenecho, ndipo hs akutanthauza kuti makinawo amatha kuona ngakhale kakang'ono kwambiri. Selo likakhala labwinobwino, tiroponini imakhala m'kati. Likang'ambika kapena kufa, imatayikira m'magazi.

Tiyerekeze munthu amene mtsempha wodyetsa mtima wake watsekeka ndi magazi oundana 6 koloko m'mawa. Mukamutenga magazi patangopita mphindi makumi awiri, tiroponini ikhoza kupezeka ili pansi pa malire, ngakhale akugubuduka ndi ululu pachifuwa. Maselo amatenga kanthawi kuti afe, ndipo zotayikazo zimatenganso nthawi kuti zifike m'magazi oyenda, makamaka poti njira yake ndi yotsekeka. Ndi makina atsopanowa, kukwera kumayamba kuoneka pakati pa ola limodzi ndi maola atatu. Ndi makina akale kunkatenga maola atatu mpaka asanu ndi limodzi. Kenako nambala imathamanga, pofika masana ikhoza kukhala m'mahandiredi kapena m'masauzande, n'kufika pachimake cha m'ma maola 24, nthawi zina msanga pang'ono, nthawi zina mpaka tsiku lachiwiri. Mtsempha ukatsegulidwa msanga, chimakecho chimabwera msanga ndipo chimatha kukwera kwambiri, chifukwa magazi obwererawo amakokolola zonse nthawi imodzi. Achibale ambiri amachita mantha akaona nambala yakwera chithandizo chitachitika kale, koma nthawi zambiri chifukwa chake n'chimenechi.

Kutsika ndiye kumachedwa. Tiroponini imene ili m'magazi thupi limaichotsa m'maola ochepa, koma yambiri m'selo ndi yomangirika ku timinyewa, ndipo imamasuka pang'onopang'ono pamene mnofu wakufawo ukuphwasuka. Choncho magazi amangolandirabe ina tsiku ndi tsiku. Ya I imakhala pamwamba pa malire pafupifupi sabata imodzi kapena masiku 10, ya T imatha kufika masiku 14.

Ndiye muone vuto la nambala imodzi. Zili ngati kufika pamtsinje n'kupeza madzi akulekeza m'mawondo: simungadziwe ngati akubwera, akupita, kapena ndi mmene mtsinjewo umakhalira chaka chonse, pokhapokha mutazika kamtengo m'mphepete n'kudzaonanso. Nambala ya 46 ikhoza kukhala poyambira kukwera, ikhoza kukhala kumchira kwa zimene zinachitika sabata yatha, ikhozanso kukhala mlingo wa masiku onse wa munthuyo.

Tiyeni titenge 46 yemweyo tione mmene amawerengera. Tinene kuti atenganso magazi patapita maola atatu n'kupeza 310. Apa palibe kukayika, mnofu ukuwonongeka panopa. Ngati palinso ululu wofinya pachifuwa, kapena mizere ya ECG, makina ojambula mmene mtima ukugundira, yasintha, kapena sikani yaonetsa khoma la mtima limene silikuyenda bwino, imeneyo ndi hati ataki, ndipo chithandizo chake sichidikira.

Tinene kuti m'malo mwake yachiwiri yatuluka 48, ndipo m'mawa mwake 45. Kusiyana kotereku n'kochepa moti makina okha amatha kukupanga poyeza magazi omwewo kawiri. Nambala yoyamba ikakhala kuti ili kale pamwamba pa malire, madokotala ambiri amayang'ana ngati yasintha ndi maperesenti oposa 20, ndiye pa 46 tikunena za kusuntha kwa pafupifupi 9. Zipatala zina zimatenganso magazi pakatha ola limodzi lokha ndipo zili ndi miyeso yawoyawo, koma maganizo ake ndi amodzimodzi. Nambala yosasunthayi amaitenga ngati kuvulala kwa mtima kwa nthawi yaitali. Kwa munthu wa zaka 71 wodwala impso, izi n'zimene ine ndingayembekezere kupeza poyamba.

Chifukwa chake n'chakuti malire a 14 aja sanachokere kwa anthu ngati abambo anu. Anayeza anthu athanzi, n'kuika mzere pamene anthu 99 mwa 100 aliwonse ali pansi pake. Okalamba ambiri amakhala pamwamba pa mzerewo popanda chimene chatsekeka, ndipo odwala impso ndiye kwambiri, makamaka akayezedwa ya T. Anthu amakonda kunena kuti impso zikulephera kusefa tiroponini basi, ngati kuti mtima ulibe mlandu. Ine sindigwirizana nako kufotokoza kumeneko kukakhala kokha. Kusefa kuli ndi gawo lake, inde, koma mtima wa munthu wodwala impso umagwira ntchito yolemetsa zaka zambiri. Magazi amathamanga kwambiri, madzi amachuluka m'thupi, khoma la mtima limakhuthala, ndipo maselo amafa apa ndi apo mwakachetechete. Choncho 46 wosasuntha si hati ataki, koma si woti n'kumunyalanyazanso. Anthu amene tiroponini yawo imakhala yokwera chonchi amadzavutika ndi mtima m'tsogolo kuposa anzawo, ndipo amafunika kuti kuthamanga kwa magazi, shuga ndi madzi a m'thupi ziziyang'aniridwa mosamala.

Pali njira ina yapakati imene imasokoneza anthu, ndipo kubanika kwa usiku kuja kukundiganizitsa imeneyi. Nambala ikhoza kuchoka pa 46 kufika 75, kenako n'kubwerera ku 50 munthu akapeza bwino. Yakwera, yatsika, koma mtsempha sunatsekeke ndi magazi oundana. Mtima unangofuna okosijeni wambiri kuposa amene unalandira, kapena unatamuka ndi kulemedwa. Zimachitika madzi akadzaza m'mapapo chifukwa mtima ukupopa mofooka, mtima ukamathamanga mosalongosoka kwa maola ambiri, magazi akachepa kwambiri m'thupi, kapena munthu akagwidwa ndi chibayo champhamvu kapena matenda olowa m'magazi. Magazi oundana akatseka mtsempha wa m'mapapo, mbali yakumanja ya mtima imapanikizika ndipo tiroponini imakwera. Imakweranso mnofu wa mtima ukatupa chifukwa cha mavailasi, ngakhale mwa achinyamata. Othamanga mpikisano wa makilomita 42 ambiri amapezeka nayo yokwera akangomaliza, n'kutsika pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Kusiyanitsa zimenezi kuli ndi phindu lenileni, chifukwa mankhwala a hati ataki amasungunula magazi. Kuwapereka kwa wokalamba wodwala impso amene vuto lake ndi madzi m'mapapo n'kumuika pangozi yotaya magazi popanda chimene apindule.

Tsopano poti mwafunsa ngati pangaphonyeke kanthu, malo ake alipo, ndipo ndi kumchira kuja. Munthu akabwera mochedwa, masiku anayi kapena asanu mtsempha utatsekeka kale, tiroponini imakhala ikutsika pang'onopang'ono kwambiri moti m'maola atatu ikhoza kuchoka pa 46 kufika 44. Papepala izi zimafanana ndendende ndi za munthu wa impso uja. Komanso odwala shuga ndi okalamba nthawi zina samva ululu pachifuwa n'komwe, amangobanika, kutuluka thukuta lozizira, kuchita nseru kapena kufooka kosadziwika bwino. Abambo anu ali m'magulu onse awiri. Apa magazi okha sathandiza. Chimathandiza ndi mbiri ya masiku apitawo, ECG yoyerekeza ndi yakale ngati ilipo, ndi sikani ya mtima yoonetsa ngati pali chigawo cha khoma chimene chasiya kuyenda. Inuyo amene mumakhala nawo mukhoza kukumbukira zimene iwo aiwala kapena akubisa posafuna kuvutitsa ana. Ngati panali tsiku limene anakhala pansi mwadzidzidzi atagwira pachifuwa, kapena anadandaula za kutentha pamtima kosazolowereka, kapena dzanja lamanzere ndi chibwano zinkawawa, kawauzeni adokotala ngakhale panopa.

Mukapita kukaonana nawonso, funsani kuti tiroponini inayezedwa kangati, motalikirana maola angati, ndipo manambala ake anali otani. Funsaninso zimene ECG ndi sikani zinaonetsa, ndi chimene iwo akuganiza kuti chinabanikitsa abambowo, chifukwa kunena kuti si hati ataki sikunatchule dzina la chimene chinawadwalitsa. Adokotala amene anayeza kawiri n'kuona ECG sadzavutika kukuyankhani.

Mapepalawo muwasunge. Ngati 45 kapena 46 ndi mlingo wawo wa masiku onse, tsiku lina akadzadwalanso nambala imeneyi idzathandiza amene adzawaone kudziwa ngati 50 ndi yachilendo kapena ayi. Koma muziyerekeza zofanana zokhazokha. Ya T siyerekezedwa ndi ya I, ndipo makina a I a makampani osiyanasiyana ali ndi malire osiyana, ena amaikanso malire otsikirapo kwa amayi. Muzionanso muyeso umene walembedwa pambali pa nambala. Malabu ena amalemba ng/mL m'malo mwa ng/L, ndipo 46 ng/L ndi chimodzimodzi 0.046 ng/mL, kotero pepala la chipatala china likhoza kuoneka ngati nambala yagwa kwambiri pamene sinasunthe.

Ululu wofinya pachifuwa ukabwera n'kukhala mphindi zingapo osachoka, kapena akabanika atangokhala, kapena akakomoka, musayambe kufufuza mapepala akale kunyumba. Thamangani nawo. Chimene amayamba kuchita ndi ECG, makamaka m'mphindi 10 zoyambirira, ndipo ikaonetsa kuti mtsempha waukulu watsekeka kotheratu, chithandizo chimayamba nthawi yomweyo zotsatira za tiroponini zisanatuluke ku labu.