Invoisi yatuluka, kodi ndalama zalowa?

"Kampani yathu inapeza kontirakiti ya 1,200,000 yokhazikitsa dongosolo losungira mafayilo a kasitomala. Timalipiritsa katatu: 360,000 posayina, 480,000 pakati, 360,000 pomaliza. Ine ndimalemba zolowa tsiku lomwe ndatulutsa invoisi, koma odita wakana. Ndalakwa pati?"

Mayi, odita wanuyo sakukuvutitsani dala. Invoisi imangonena tsiku lomwe munagwirizana kuti kasitomala alipire. Sinena kuti ntchito yafika pati. Muyezo wa IFRS 15, womwe unayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, umati zolowa zizitsatira ntchito yomwe mwamuchitira kasitomala.

Musanawerengetse kalikonse, tsimikizani kuti kontirakiti yanu ndi yololedwa kulembedwa pang'onopang'ono. Ndime 35 ya muyezowu ili ndi zifukwa zitatu, ndipo chimodzi chokha chikwanira: kasitomala akupindula ntchito ili mkati, monga zimakhalira ndi ntchito ya ulonda, kapena mukukonza chinthu chomwe chili kale m'manja mwake, kapena zomwe mukupangazo simungagulitse kwa wina, ndiponso muli ndi ufulu wolipidwa pa zomwe mwachita kale. Ntchito ngati yanuyi nthawi zambiri imadalira chachitatuchi, ndiye tsegulani kontirakitiyo pa ndime yothetsa mgwirizano. Kasitomala atasintha maganizo mawa, inu musanalakwe chilichonse, adzakulipirani zomwe mwawononga pamodzi ndi phindu loyenera? Ngati mungotsala ndi ya posayina ija basi, ufuluwo mulibe, ndipo ngati zifukwa ziwiri zinazo sizikukukhudzani, zolowa zonse zidikira tsiku lopereka ntchito.

Tinene kuti ndimeyo ili bwino. Tsopano muyeze ntchito. Njira yomwe ambiri amatsata ndi yoyerekeza zomwe mwawononga kale ndi zomwe mukuyembekeza kuwononga pa ntchito yonse. Simunandiuze bajeti yanu, ndiye ndingoika 800,000.

Tinene kuti chaka choyamba chatha mutawononga 320,000. Gawani ndi 800,000, mupeza kuti ntchito ili pa 40 peresenti, choncho zolowa ndi 480,000. Koma invoisi yomwe mwatulutsa ndi ya 360,000 yokha. Yotsalayo, 120,000, ndi ntchito yomwe mwagwira koma simunalipiritse, ndipo imalembedwa ngati aseti ya kontirakiti. Musaiike m'gulu la ngongole zomwe makasitomala akuyenera kukulipirani, chifukwa simungaiitanitse mpaka mutafika pa gawo lapakati lija. Mukanakhala kuti mwawononga 160,000 yokha, zinthu zikanatembenuka: zolowa 240,000, ndipo 120,000 ikanakhala ngongole yanu kwa kasitomala, ngongole yobweza ndi ntchito.

Pomwe anthu amapsa zala ndi chaka chachiwiri. Ntchito yavuta, zonse zomwe mwawononga zafika 600,000, ndipo oyang'anira ntchito akuti pomaliza zikwana 1,000,000. Ndiye kuti muli pa 60 peresenti, zolowa zonse kuyambira pachiyambi ndi 720,000. Chotsani 480,000 ya chaka chatha, ya chaka chino itsala 240,000, pomwe chaka chomwechi mwawononga 280,000. Buku liwonetsa kuluza 40,000, ngakhale kontirakiti yonse ikadali ndi phindu la 200,000. Bwana akaona zimenezi nkhope imagwa, ndipo ena amafuna kubwerera kukasintha za chaka chatha. Ayi. Kuyerekeza kukasintha chifukwa cha zomwe zadziwika kumene, kusiyana konse kumagwera m'chaka chomwe mwazindikiracho. Ndipo ngati invoisi yachiwiri yatuluka, mwalipiritsa 840,000 pa ntchito ya 720,000: aseti ija yatha, tsopano muli ndi ngongole ya 120,000.

Taonani kuti mukanasiya bajeti pa 800,000, mukanapeza 75 peresenti n'kulemba 900,000. N'chifukwa chake ine ndikamaona mabuku otere, funso langa loyamba limakhala lakuti bajeti inakonzedwanso liti. Aseti ya kontirakiti ikamangokula mwezi ndi mwezi, invoisi osatuluka, kawirikawiri bajeti ndi yakale kapena kasitomala sakuvomereza ntchito.

Komanso si ndalama iliyonse yowonongedwa yomwe imasonyeza kuti ntchito yasuntha. Anyamata anu akalakwitsa n'kubwereza ntchito ya milungu iwiri yomwe sinali m'mtengo wa kontirakiti, malipiro awo a masiku amenewo alembeni ngati zowonongeka za nthawi imeneyo, koma asalowe m'kawerengedwe ka peresenti.

Bajeti ikadzadutsa 1,200,000, musadikire kuti ntchito ithe. Muyezo wina, wa IAS 37, umafuna kuti kuluza komwe kwatsala kutsogoloko mukulembe nthawi yomweyo. Popita kwa odita, tengani kontirakiti, bajeti yatsopano yosayinidwa ndi oyang'anira ntchito, ndi mapepala a maola omwe antchito agwira.