Uthenga wa sikolashipi wofuna K45,000

"Mwana wanga walemba MSCE kuno ku Mchinji. Walandira uthenga pa WhatsApp woti wasankhidwa kukaphunzira ku China mwaulere, koma atumize K45,000 ya fomu pa Airtel Money lisanafike Lachisanu. Nditumize?"

Mayi, ndalamayo musatumize. Choyamba mufunseni mwanayo ngati analembako kalata yopempha thandizoli. Ngati sanalembe, anamusankha bwanji, poti ngakhale zotsatira zake sanazione? Mabungwe enieni amayamba alengeza poyera, ofuna amalembera okha, kenako mayeso kapena kucheza nawo, ndipo zimatenga miyezi. Sikolashipi ya Chevening ya ku Britain, mwachitsanzo, salipiritsa polembera, komanso ndi ya omwe ali kale ndi digiri.

Yesani izi: lowetsani nambala yawoyo ngati mukutumiza, koma musaike PIN. Pafoni patuluka dzina la mwini nambala. Mukaona dzina la munthu wamba, dziwani kuti ndalama za soya wanu zikupita m'thumba mwake. Za Lachisanuzo n'zongokuthamangitsani kuti musafunse anthu. Mukalipira, mawa adzati ya viza, mkuja ya tikiti.

Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti ena sapempha ndalama poyamba. Amati "tipatseni akaunti tiikemo ya m'thumba", kenako amaimba kufuna manambala achinsinsi amene abwera pa SMS. Manambala amenewo ndi kiyi wotulutsira ndalama zanu. Wokutumizirani ndalama safuna manambala amenewo. Chithunzi cha chiphaso cha unzika musawapatsenso.

Pitani ndi uthengawo kwa ahedi a sukulu yake kapena ku ofesi ya maphunziro pa boma, ndipo nambala ya foni yawoyo mukaipereke kupolisi.