Amayi akufupika: ndi ukalamba chabe kodi?

"Amayi anga ali ndi zaka 68, timakhala nawo ku Area 25. Kale tinkalingana msinkhu pa masentimita 160, koma tsopano ali 154 ndipo ayamba kuwerama. Chaka chatha msana unawapweteka mwadzidzidzi akutula ndowa ya madzi. Kodi ndi ukalamba chabe?"

Achemwali, kufupika pang'ono n'kwa tonse. Pakati pa mafupa a msana pali timapilo 23 tofewa ngati mphira, todzaza madzi. Tikamakula timapiloto timauma n'kuphwa, ndipo munthu akapitirira zaka 40 amataya pafupifupi sentimita imodzi pa zaka khumi zilizonse. Zimenezi zimachitika mwakachetechete, osadziwa n'komwe.

Koma masentimita 6 achuluka. Munthu akafupika ndi masentimita 4 kapena kuposa poyerekeza ndi msinkhu wa pa utsikana wake, madokotala amakayikira kuti fupa la msana linaphwanyika. Mayi akasiya kusamba, mafupa amayamba kufumbwa m'kati ngati mtanda wa denga wodyedwa ndi chiswe. Matendawa ndi ositiyoporosisi. Fupa lotere silithyoka pakati ngati la mwendo ayi, limangophwanyika mbali ya kutsogolo n'kutsala lopyapyala uko, lochindikala kumbuyo. Awiri kapena atatu akatero, msana umapindika, linunda n'kutuluka. Ndowa ija ndikuyikayikira kwambiri. Ululu wake umazirala pakatha masabata angapo, n'chifukwa chake ambiri amangopaka mankhwala otikita nkhani n'kuthera pomwepo, pamene fupa limodzi likaphwanyika lina silichedwa kutsatira.

Yesani izi madzulo ano. Amayi aime osavala nsapato, zidendene ndi matako zitagunda khoma, maso kutsogolo. Ngati nkhongo ikukanika kufika pakhoma, n'chizindikiro. Kenako pisani zala m'mbali mwawo, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Zikalowa ziwiri zokha kapena kuchepera apo, n'chizindikiro chinanso.

Mukatero musazengereze. Pitani nawo kuchipatala cha kwanuko, mutchule masentimita 6 aja ndi nkhani ya ndowa, ndipo mupemphe ekisire ya msana yojambula cha m'mbali. Ikafunika kalata ya ku Kamuzu Central adzakulemberani. Nenaninso ngati anamwapo puredinisoloni kwa miyezi yambiri kapena ngati ali pa ma ARV, poti mtundu wina wa ma ARV wotchedwa tenofoviya umafooketsako mafupa, koma asasiye okha mankhwala alionse. Ngati akuwonda, kutuluka thukuta usiku kapena miyendo ikuchita dzanzi, pitani lero lomwe, chifukwa TB ndi khansa nazonso zimagwetsa fupa la msana.

Msinkhu umene wapita subwereranso, ndipo zimandiwawa kukuuzani zimenezi. Chomwe tikuteteza ndi mafupa otsalawo. Pali mankhwala monga alendironeti, omwa kamodzi pa sabata m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi odzaza kapu, munthu osagona kwa mphindi 30. Kunyumba, usipa ndi matemba azidya ndi minga yomwe, aziyenda tsiku ndi tsiku kunja kuli dzuwa, koma ndowa ndi thumba la chimanga azisenza adzukulu.