Katundu wa panjira asamawerengedwe kawiri

"Abale, tili ndi nyumba zosungiramo katundu zitatu: pa Boma, ku Namwera ndi ku Monkey Bay. Aliyense amatumiza lipoti lake pa WhatsApp, ndiye abwana akufuna uthenga umodzi basi madzulo alionse. Ndiphatikize bwanji?"

Achimwene, kuwonkhetsa kokhako sikuvuta. Pomwe mutu umazungulira ndi pa katundu wochoka nyumba ina kupita nyumba inzake. Ine ndinapsa nazo: mwezi wathunthu lipoti langa linkaonetsa kuti simenti ikuyenda kwambiri, chonsecho matumba omwewo ndinkawawerenga ngati ogulitsidwa pa Boma, kenako ngati atsopano ku Namwera.

Tsegulani tsamba limodzi la Google Sheets loti onse atatu azilembamo, mzere umodzi pa kuyenda kulikonse kwa katundu. A akhale tsiku, B nyumba, C katundu, D zomwe zachitika, E nambala ya chikalata chomwe dalaivala wanyamula, F kuchuluka. Mu D muzilowa mawu anayi okha: kugula, kugulitsa, kutumiza, kulandira. Awiri omalizawo ndi a pakati pa nyumba zanu zokha, ndipo wotumiza ndi wolandira alembe nambala imodzimodzi ya chikalata.

Tiyerekeze kuti pa Boma mwadzuka ndi matumba 400 a simenti, lole yabweretsa 600, mwagulitsa 120, mwatumiza 200 ku Namwera pa chikalata 417 ndi 100 ku Monkey Bay pa chikalata 418. Mwatsala ndi 580. A ku Namwera alemba kuti alandira 195, a ku Monkey Bay ali zii. Onani chikalata chilichonse motere:

```
=SUMIFS(F:F,E:E,417,D:D,"kutumiza")-SUMIFS(F:F,E:E,417,D:D,"kulandira")
```

Ikatuluka 0, katundu wafika yense. Ikatuluka 100 yathunthu, ali panjira kapena sanalembedwe. Koma ikatuluka 5, imbani foni lero lomwe, dalaivala asanaiwale kuti matumbawo anaphulika pokwera phiri la ku Namwera kapena anatsikira pena.

Uthenga wa abwana usatalike. Pa simenti ungoti: zagulidwa 600, zagulitsidwa zakutizakuti m'nyumba zonse, zatsala pa Boma 580 ndi manambala a nyumba zinazo, panjira 100 (chikalata 418), zapelewera 5 (chikalata 417). Mizere iwiri yomalizayo ndi yomwe amawerengadi, kunena zoona.

Gwirizananinso nthawi yotsekera, tinene 5 koloko. Netiweki ikavuta wina n'kulemba m'mawa mwake, aike tsiku lomwe katundu anayenda, osati lomwe akulemba. Mu A muzikhala tsiku lokha popanda ola, apo ayi fomyula yofufuza ndi `TODAY()` imangobweza 0 ngati kuti simunagulitse kanthu. Ndipo shuga musankhe kumodzi, mabelo kapena mapaketi: wotumiza akalemba 10 kutanthauza mabelo, wolandira 200 kutanthauza mapaketi, fomyula ija idzakuuzani kuti mwalandira zochuluka kuposa zomwe munatumiza.