Kodi ndipemphe bwanji malipiro oyamba kwa wogula wakunja popanda kuoneka ngati wakuba?

Funso: Ndimasoka zikwama zachikopa. Ndapeza wogula watsopano amene amakhala kutsidya kwa nyanja. Amalankhula Chichewa koma sitinaonanepo. Akufuna zikwama 1,000 pa mtengo wa madola 12 chimodzi. Ndinalemba kuti: "Bwana, chonde chonde ndikupempha munditumizireko kangachepe mwachangu kuti ndiyambe ntchito. Musadandaule, ndine munthu wokhulupirika, sindingakuthawitseni ndalama." Mwana wanga akuti zikumveka ngati za anthu oba pa foni. Ndikonze pati?

Yankho: Mayi, mwana wanuyo ali ndi khutu labwino, ndipo mwachita bwino kuti simunatumize. Chimene mukufunacho si chachilendo ayi. Pa malonda a pakati pa mayiko, wopanga katundu amalandira gawo la ndalama ntchito isanayambe, ndipo kagawidwe kofala ndi 30 peresenti poyamba, 70 peresenti pambuyo. Wogula amene anaitanitsapo katundu kunja amazidziwa zimenezi. Vuto lili pa Chichewa chimene mwasankha. Mwatenga mawu amene timapemphera thandizo kwa mbale n'kuwaika pamalo pofunika mawu ofotokozera dongosolo la malonda. Kwa mbale mawu amenewa ndi ulemu, koma kwa munthu amene sanakuonenipo akumveka ngati muli pa mavuto a ndalama, kapena mukumutchera msampha.

Tiyambe ndi mneni uja, "munditumizireko". Muli tizidutswa tiwiri timene tikukupwetekani. Koyamba ndi -ndi- pamodzi ndi -ir-. "Tumizani" ndi kungotumiza, koma "munditumizire" akuloza amene apindule, ndipo ameneyo ndi inuyo panokha. Wogula akumva kuti ndalama ikupita m'thumba mwa munthu, pomwe iye akufuna kumva kuti ikupita pa katundu wake. Kachiwiri ndi -ko wakumapeto. Timati "ndigawireniko", "ndithandizeniko", "ndibwerekeniko", ndipo -ko ameneyu amafewetsa pempho posonyeza kuti woperekayo ali ndi ufulu wopereka zimene mtima wake wafuna, kapena kukana kumene. Malipiro oyamba si mphatso. Ali ndi mlingo wake, ndipo adzachotsedwa pa mtengo wonse.

"Kangachepe" akuwonjezera vuto lomwelo. Ka- wochepetsa ndi wokoma pocheza, koma pa kalata ya malonda amabisa nambala. Munthu akakupemphani ndalama osatchula kuti zingati, mumadziwa kuti akuyesa kaye kuya kwa thumba lanu, ndipo mukapereka adzabweranso. Umu ndi mmene akuba amachitira: amayamba ndi kochepa, kenako pabwera chifukwa china, kenako chinanso. Inu tchulani nambala yonse, kamodzi, ndi mmene mwaipezera. Zikwama 1,000 pa madola 12 ndi madola 12,000. Gawo la 30 peresenti ndi madola 3,600, ndipo otsala ndi 8,400. Wogula atha kuwerengera yekha n'kupeza zomwezo, ndipo munthu akatha kutsimikiza chinthu payekha, mtima umakhala m'malo.

Chichewa chili ndi mawu ake enieni a chinthu chimene mukufunachi. Timati "kuneneratu", "kudziwiratu", "kukonzeratu", kutanthauza kuchita chinthu nthawi yake isanakwane. Chimodzimodzi "kulipiriratu". Samalani kalembedwe, chifukwa "mulipiretu" atha kumveka ngati chenjezo, ngati mukuloza munthu chala kuti asayerekeze kuzemba, pomwe "mulipiriretu" ndiye kulipira ntchito isanachitike. Dzina la ndalamayo likhale "malipiro oyamba" kapena "dipoziti", mawu obwereka amene amalonda ambiri amawagwiritsa ntchito. Ena amalemba "chikole", koma ine sindikulimbikitsani kutero pano. Chikole ndi chinthu chimene munthu amasiya kuti chigwiridwe mpaka atakwaniritsa lonjezo, ndipo wowerenga atha kuganiza kuti chidzabwezedwa. Ndalama yanuyi mugulira zikopa, ulusi ndi zipi, ndiye ndi bwino dzina lake linene poyera kuti ndi mbali ya mtengo.

Tsono mawu awiri amene andidetsa nkhawa kwambiri ndi "mwachangu" ndi "musadandaule". Kufulumizitsa munthu ndi chida chachikulu cha akuba, chifukwa safuna kuti mupeze nthawi yofunsa ena. Aliyense amene anachenjezedwapo za kuba kwa mtundu umenewu, kumene ambiri amakutchula kuti 419 potengera ndime ya malamulo a milandu a dziko la Nigeria, akangoona mawu ofulumizitsa pambali pa pempho la ndalama amabwerera m'mbuyo. Ngati nthawi ikukupanikizanidi, tchulani masiku ndi chifukwa chake: mtengo uwu ukhala wosasintha kwa masiku 14, ndipo kusoka kumatenga masiku 30 kuchokera tsiku limene ndalama yafika. Apa simukumuthamangitsa. Mwangomuonetsa kuti akachedwa kulipira, katundunso achedwa, ndipo asankha yekha.

"Musadandaule, ndine munthu wokhulupirika, sindingakuthawitseni ndalama" chotsani yense, osasiyako ngakhale liwu limodzi. Ndikudziwa kuti mwalemba kuchokera pansi pa mtima. Koma wogulayo anali asananene kuti akukukayikirani, ndipo mawu oti "kuthawitsa ndalama" mwawabweretsa ndinu. Kukana mlandu umene palibe wakunenezani kumadzutsa mlanduwo m'maganizo a wowerenga. Komanso wakuba ndi munthu wachilungamo onse atha kulemba chiganizo chimenechi mofanana, choncho sichitsimikiza kanthu. Zimene wakuba zimamuvuta kupereka ndi dzina la bizinesi lolembetsedwa ku boma, akaunti ya ku banki ya dzina lomwelo, chikwama chachitsanzo chimene wogula angachigwire m'manja, ndi mwayi woti atume munthu wake kudzaona katundu asanapakidwe. Ikani zimenezi pamalo pa malumbiro aja.

Pali kachidutswa kena kamene ndimakakonda pa makalata otere, -ma- wosonyeza chizolowezi. Yerekezani "ndikupempha 30 peresenti" ndi "timalandira 30 peresenti tisanayambe kusoka". Woyambayo akunena za lero ndi za wogula ameneyu yekha, ngati kuti mwamuona kuti ali ndi ndalama. Wachiwiriyo akunena kuti umu ndi mmene mumachitira ndi aliyense. Lembani motero pokhapokha ngati ndi zoona, kapena ngati mwatsimikiza kuti kuyambira lero ndilo dongosolo lanu. Ndipo "ti-" m'malo mwa "ndi-" si kudzitukumula: ngati muli ndi okuthandizani kusoka, kapena bizinesi ili ndi dzina lake, ndiyo ikulankhula. Gwiritsaninso ntchito -ka- wa nthawi, monga "tikalandira", "mukaona", chifukwa amalumikiza zochita za mbali ziwiri, inu mukachita ichi ife tichita icho. Kalata yanu yoyamba inali ndi zochita za wogula zokhazokha.

Nayi kalatayo itakonzedwa:

"Okondedwa Bambo, zikomo chifukwa cha oda yanu ya zikwama zachikopa 1,000 pa madola 12 chimodzi, zonse pamodzi madola 12,000. Pa oda iliyonse yosokedwa mwapadera timalandira malipiro oyamba a 30 peresenti, omwe pano ndi madola 3,600, ogulira zikopa ndi zipangizo zina. Tikalandira ndalamayi, kusoka kudzatha pa masiku 30, ndipo tidzakutumizirani zithunzi za katundu asanapakidwe. Muli ndi ufulu wotuma munthu wanu kudzamuona. Madola 8,400 otsala mudzalipira mukaona kope ya chikalata cha kampani ya sitima zapamadzi chosonyeza kuti katundu wakwezedwa. Malipiro onse amapita ku akaunti ya bizinesi yathu imene yalembedwa pa invoyisi taphatikizayi, ndipo akaunti imeneyi sidzasintha. Mtengo uwu ukhala chomwechi kwa masiku 14. Ngati mungakonde kuona chikwama chimodzi musanalipire, tiuzeni tikutumizireni."

Taonani kuti "bwana" wachoka. Sikuti ndi mawu oipa, koma pamodzi ndi "chonde chonde" amakuikani pansi kwambiri, ngati wopempha ganyu, pomwe pano ndinu awiri ochita malonda. Ulemu wa Chichewa uli kale mwa "inu", mwa "zikomo" ndi mwa "ngati mungakonde". Umenewo ndi wokwana.

Zina zimene zili m'kalatamo zikufunika kufotokoza. Invoyisi yotumizidwa katundu asanapangidwe imakhala ndi mutu woti Proforma Invoice, ndipo pamakhala dzina ndi adiresi ya bizinesi, katundu, mtengo, dzina la banki, nambala ya akaunti ndi nambala ya SWIFT yozindikiritsa bankiyo, imene imakhala ya zilembo 8 kapena 11. Dzina la pa akaunti lifanane ndendende ndi la pamwamba pa invoyisi. Mukalemba kuti atumize ku akaunti ya mchimwene wanu, kapena kudzera m'njira zotumizirana ndalama zokatenga pamanja, Chichewa chokoma chonse chija chapita pachabe. Chiganizo choti akaunti sidzasintha chikuteteza nonse, chifukwa pali akuba amene amalowa mu imelo ya wogulitsa n'kulembera wogula kuti banki yasintha. Chikalata cha sitima chija pa mapepala chimalembedwa B/L. Wogula amaona kope yokha, chenichenicho mumasunga inu mpaka atamaliza kulipira, ndipo popanda icho kapena chilolezo chanu sangatulutse katundu padoko. Ngati katundu apita pa ndege, chitetezo chimenechi palibe, chifukwa wolembedwa kuti ndi wolandira atha kumutenga. Pamenepo lembani kuti zotsala zilipidwe katundu asananyamuke.

Pali dzenje limodzi limene ambiri amagweramo kalata yabwino itapita kale. Mabanki a pakati amadulapo zawo pa njira, ndiye wogula atumiza madola 3,600 koma kwa inu afika operewera pang'ono. Mukalembanso kuti "zaperewera, muwonjezereko", ndilo pempho lachiwiri lija limene amaliopa. Neneranitu pa invoyisi amene alipire ndalama za banki. Pa fomu yotumizira ndalama pamakhala OUR, kutanthauza kuti wotumiza alipira zonse, SHA, kutanthauza kugawana, ndi BEN, kutanthauza kuti zonse zidulidwa kwa wolandira. Ngati munaiwala kugwirizana, musatumize pempho lapadera. Yambani ntchito, mumudziwitse kuti mwalandira zingati, ndipo zoperewerazo mudzazisonyeze pa invoyisi yomaliza.

Wogulayo atha kukanabe, ndipo musakhumudwe, chifukwa polipiriratu iye ndi amene ali pa chiopsezo ngakhale kalata ilembedwe bwino chotani. Akatero musabwererenso ku "chonde chonde". Mulembereni kuti: "Tikumvetsa, popeza ino ndi oda yathu yoyamba. Tingayambe ndi zikwama 200, zomwe malipiro ake oyamba ndi madola 720, ndipo mukakhutira nazo tidzapitiriza ndi 800 zotsalazo."