Kiyi wasowa: kusula wina kapena kusintha loko?

"Ndimachita lendi ku Kasungu tauni. Kiyi wa chitseko chakutsogolo wanditayika Loweruka. Ndiwalembere bwanji alandilodi, ndipo alipire ndani?"

Pepani achimwene, koma apa ndalama ituluka m'thumba mwanu, poti mwataya ndinu. Alandilodi amalipira loko akatha yekha ndi ukalamba kapena dzimbiri, pokhapokha ngati pangano lanu likunena zina.

Nanga kiyiyo wagwera kuti? Ngati ndi kutali, mwina m'minibasi ya ku Lilongwe, bwerekani sipeya mukasulitse wina kumsika. Koma ngati wasowera pakhomo pomwepo, ana akulowa ndi kutuluka, sinthani basi. Loko wa silinda safuna kuchotsa yense: kalipentala amamasula sikuluwu imodzi m'mbali mwa chitseko, n'kulowetsa silinda watsopano. Sipeya uja akhalepo, chifukwa silinda satuluka kiyi asanapotozedwe pang'ono.

Uthengawo ukhale wotere: "Bambo, mwaswera bwanji? Kiyi wakutsogolo wanditayika Loweruka. Ndikupempha chilolezo chosintha silinda ndi ndalama zanga, kiyi mmodzi ndikupatsirani."

Musathyole loko asanayankhe. Ine ndinathyolapo, anandidula pa dipoziti mpaka za chitseko.